Golide akakwera mtengo, ayamba kuyankha ndani: mgodi kapena bokosi la zibangili?

M'chaka cha 2001 aunsi imodzi ya golide, yomwe ndi magalamu 31.1, inkagulitsidwa pafupifupi madola 270 a ku America. Pofika 2008 mtengo unali utadutsa madola 850. Aliyense wodziwa malonda angayembekezere kuti katundu akakwera mtengo katatu chonchi, opanga katunduyo achulukitsa ntchito. Koma migodi ya golide ya dziko lonse, yomwe inatulutsa matani pafupifupi 2,600 mu 2001, inangotulutsa matani pafupifupi 2,400 mu 2008. Mtengo unakwera, zokumba zinatsika.

Golide wowonjezera anabweradi pa msika m'zaka zimenezo, koma sanachokere pansi pa nthaka. Anachokera m'masutikesi, m'madilowa ndi m'timabokosi ta m'nyumba za anthu. Mphete za maukwati otha, ndolo zotsala imodzi, matcheni oduka ndi zibangili za agogo zinatengedwa kupita kwa ogula, zinasungunulidwa n'kukhala golide watsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 golide wakale wotereyu ankakwana matani 700 ndi pang'ono pa chaka. Mu 2009 anafika pafupifupi matani 1,700.

Magwero awiriwa ndi amene amadyetsa msika wa golide chaka ndi chaka. Malinga ndi bungwe la World Gold Council, lomwe limasonkhanitsa ziwerengerozi, mu 2024 migodi inatulutsa matani opitirira pang'ono 3,600, pamene golide wakale wosungunulidwanso anali pafupifupi matani 1,370. Choncho pa magawo anayi alionse, atatu ndi a mgodi ndipo limodzi ndi la golide wakale. Gawo laling'onolo ndi limene limagwedezeka msanga mtengo ukasuntha.

Golide satha

Mafuta a galimoto akapsa apita. Golide sachita dzimbiri, sawola, ndipo palibe amene amamutaya dala. Pafupifupi golide yense amene anthu anakumbapo chiyambire adakalipo penapake, ndipo akuyerekezedwa kuti ndi matani opitirira 210,000. Atamuunjika malo amodzi angapange chibuma chotalika mamita 22 mbali zonse. Pafupifupi theka la golideyu ali m'zokongoletsera za pathupi, ndipo wotsalayo ali m'mabanki akuluakulu a mayiko, m'manja mwa osunga chuma ndi m'zipangizo zamagetsi.

Tikaika matani 3,600 a chaka chimodzi pambali pa matani 210,000, tiona kuti migodi yonse ya padziko imangowonjezera magawo osakwana awiri pa 100 alionse chaka chilichonse. Zili ngati mudzi umene nkhokwe zake zasunga chimanga cha zaka zoposa 50, pamene munda ukupitiriza kubereka pang'onopang'ono. Mtengo ukakwera mu Febuluwale, mwini nkhokwe atha kupungula mawa lomwe, koma mwini munda ayenera kudikira kukolola. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa golide, kuchokera pa kubzala kufika pa kukolola pamadutsa zaka khumi kapena kuposerapo.

Ulendo wa chibangili

Pafupifupi magawo 90 pa 100 a golide wosungunulidwanso amachokera ku zokongoletsera. Tiyeni titsatire chibangili chimodzi, tiyerekeze cha magalamu 20, cha mayi wina wa ku India.

Wogula amayamba wayang'ana chidindo chaching'ono chimene chimakhala mkati mwa chibangilicho. Nambala ya 916 imasonyeza makalati 22, kutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, 916 ndi golide weniweni ndipo otsalawo ndi kopa kapena siliva wolimbitsira. Nambala ya 750 ndi makalati 18, ya 585 ndi makalati 14, ndipo ya 375 ndi makalati 9, ofala ku Britain ndi ku South Africa. Koma wogula wochenjera sakhulupirira chidindo chokha. Amakhula chibangilicho pa mwala wakuda mpaka chisiye kamzere kachikasu, n'kudonthezera asidi pa kamzereko. Kakazimiririka, golideyo ndi wochepa mphamvu kuposa zimene chidindo chikunena. Masitolo akuluakulu ali ndi makina ounikira omwe amatchula kuchuluka kwa golide m'masekondi ochepa, ngakhale kuti makinawa amangoona pamwamba. N'chifukwa chake chinthu chonenepa amachicheka kaye kapena kuchipala ndi tupa, kuopa kuti mkati muli chitsulo china chongokutidwa.

Chibangili cha magalamu 20 cha makalati 22 chili ndi magalamu 18.3 a golide weniweni. Pamene aunsi ili pa madola 1,250, galamu imodzi imakhala pafupifupi madola 40, ndipo golide wa m'chibangilicho amakwana madola 730 ndi pang'ono. Aunsi ikafika madola 2,500, chibangili chomwecho chimakwana pafupifupi madola 1,470. Mayiyo salandira ndalama zonsezi. Wogula amachotsapo yake ndi ya woyenga, amachotsa kulemera kwa timiyala tokongoletsera ndi kwa mtovu wolumikizira, ndipo ndalama ya mmisiri imene mayiyo analipira pogula sibweranso. Komabe kusiyana kwa madola 700 pa chinthu chimene changokhala m'bokosi n'kokwanira kumunyamula munthu pa mpando.

Wogula akasonkhanitsa zambiri amazisungunula pamodzi n'kutumiza kwa oyenga. Mafakitale otchuka ali ku Switzerland, monga Valcambi ndi Argor-Heraeus, komanso ku Dubai, ku Istanbul, ku India, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa kuli Rand Refinery ku Germiston. Kumeneko amapopera mpweya wa kolorini m'golide wosungunuka. Zitsulo zina zimagwirana ndi mpweyawo n'kuyandama pamwamba, ndipo golide wotsalayo amayera kufika magawo 995 pa 1,000. Akafuna woyera kwambiri amamuyenganso ndi magetsi mpaka 999.9. Kuchokera pamene mayi uja watsegula bokosi kufika pamene golide wake wakhala chigwinjiri chatsopano chogulitsika ku London, pamangodutsa masabata ochepa. Sipafunika chilolezo chokumbira, msewu watsopano kapena kusamutsa mudzi.

Magawo khumi otsalawo, ochokera m'mafoni, m'makompyuta ndi m'zipangizo zina, sathamanga chotere. Foni imodzi ili ndi golide wochepa kwambiri, pafupifupi magalamu 0.03. Pokonzekera masewera a Olimpiki a Tokyo 2020, dziko la Japan linatolera matani pafupifupi 79,000 a zipangizo zakale kwa zaka ziwiri, ndipo linapezamo makilogalamu 32 okha a golide. Palibe amene amataya foni yake chifukwa golide wakwera. Kuchuluka kwa golide wa mtundu umenewu kumadalira dongosolo lotolera zinyalala, osati mtengo wa sabata ino.

Mtengo wake wa ndani?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pa wailesi timamva mtengo wa madola, koma mayi wa ku Mumbai amalandira marupi, wa ku Istanbul amalandira malira. Mtengo umene umatsegula bokosi ndi wa ndalama ya m'dzikomo.

Chitsanzo chomveka bwino chinachitika ku South Korea. Kumapeto kwa 1997 chuma cha dzikolo chinagwa, ndalama yawo ya woni inatsika mphamvu pafupifupi ndi theka m'miyezi yochepa, ndipo boma linakapempha ngongole ku bungwe la IMF. Pa msika wa dziko lonse golide anali wotsika mtengo nthawi imeneyo, pa madola 300 kapena kucheperapo. Koma kwa munthu wa ku Seoul, amene ankawerengera mu woni, golide anali atakwera kwambiri. Kuyambira Januwale 1998 kunachitika kampeni yosonkhanitsa golide kuti dziko lipeze madola obwezera ngongole. Anthu pafupifupi 3.5 miliyoni anaima pa mizere m'mabanki atanyamula mphete zaukwati, mamendulo, ndi timphete timene mabanja a kumeneko amapatsa mwana akakwanitsa chaka chimodzi. M'miyezi inayi anasonkhanitsa matani pafupifupi 227, oposa kawiri golide amene migodi yonse ya ku South Africa imatulutsa pa chaka masiku ano. Ku Indonesia ndi ku Thailand anthu anagulitsanso chifukwa cha mavuto omwewo, moti golide wakale wa dziko lonse anadutsa matani 1,000 chaka chimenecho, kuchoka pa matani 600 ndi pang'ono chaka cham'mbuyo.

Nkhani ya ku Korea inali ndi kukonda dziko mkati mwake, koma ikutisonyezanso chinthu chachiwiri chimene chimatulutsa golide m'nyumba, chomwe ndi mavuto. Matani 1,700 aja a mu 2009 anabwera chifukwa mtengo wokwera unakumana ndi kutha kwa ntchito ku America ndi ku Ulaya. Masitolo ogula golide anatsegulidwa m'misewu ya ku Italy, ku Spain ndi ku Greece pamene mabanja ankasowa ndalama ya lendi. Ine ndimaona kuti tikamawerenga ziwerengerozi tiyenera kukumbukira kuti m'matani amenewa muli mphete zimene eni ake sanafune kugulitsa.

Chifukwa chake mabokosi sanatseguke kwambiri ulendo uno

Golide anadutsa madola 2,000 koyamba mu Ogasiti 2020, anadutsa 3,000 mu Malichi 2025, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anadutsa 4,000. Wina angaganize kuti golide wakale wasefukira pa msika. Sizinatero. Mu 2024 mtengo wapakati pa chaka unakwera ndi magawo oposa 20 pa 100, golide wakale anawonjezeka ndi magawo 11 pa 100, ndipo matani 1,370 aja anali ochepabe poyerekeza ndi a mu 2009, pamene mtengo unali wosakwana theka. Zokumba za m'migodi zinangokhala ngati sizinasunthe n'komwe.

Chifukwa chachikulu ndi chiyembekezo. Munthu amene waona golide akukwera mwezi ndi mwezi amadziuza kuti adikire kaye. Amene anagulitsa pa madola 2,000 n'kuona mtengo ukufika 3,000 amachenjeza abale ake kuti asapupulume. Ogula golide wakale amadziwa kuti anthu amachuluka pa kauntala mtengo ukadumpha mwadzidzidzi, kapena ukayamba kutsika pambuyo pokwera kwambiri, pamene aliyense akuopa kuti mwayi ukumudutsa. Mtengo ukakhazikika pamwamba kwa miyezi ingapo, anthu amauzolowera ndipo mizere imatha.

Palinso njira ina yopezera ndalama popanda kugulitsa. Mabanja a ku India akuyerekezedwa kuti akusunga matani pafupifupi 25,000 a golide, ndipo kwa mayi wa kumeneko zibangili za paukwati ndi chuma chakechake, chosagulitsa wamba. Akapanikizika amakaziika pinyolo ku banki kapena ku makampani obwereketsa ndalama monga Muthoot ndi Manappuram. Golide akakwera mtengo, chibangili chomwe chija chimamupezetsa ngongole yokulirapo, choncho kukwera kwa mtengo kumachepetsa chifukwa chogulitsira. Chibangilicho chimafika pa msika pokhapokha iye atalephera kubweza. Ena amapita ndi zakale kwa mmisiri kukasinthitsa ndi zatsopano, ndipo golide wosinthanitsa chonchi a World Gold Council samuwerengera pa wosungunulidwanso, chifukwa sawonjezera kanthu pa msika.

Chomaliza n'chakuti golide wosavuta kugulitsa anatha kale. Tcheni choduka ndi ndolo yopanda inzake zimagulitsidwa kamodzi kokha. Mabanja ambiri a ku Ulaya ndi ku America anasesa madilowa awo pakati pa 2009 ndi 2012, ndipo zimene zinatsala ndi zimene amazikonda.

Mgodi umayenda ndi nthawi yakeyake

Tsopano tipite ku mbali inayo. Kampani ikamva kuti golide wakwera siingatsegule mgodi mawa. Choyamba akatswiri a miyala amafufuza malo, kenako amabowola zibowo zambirimbiri zakuya n'kutulutsa mizati ya miyala yokayesa ku labotale, kuti adziwe kuti pansipo pali golide wochuluka bwanji ndipo wagona motani. Malo ambiri ofufuzidwa sakhala migodi n'komwe. Amene apambana amadikira kafukufuku wa phindu, kafukufuku wa zachilengedwe, chilolezo cha boma, mgwirizano ndi anthu a m'deralo, ndiponso ndalama zomangira, zomwe pa mgodi waukulu zimadutsa madola biliyoni imodzi. Kuchokera pa kupeza golide kufika pa kutulutsa chigwinjiri choyamba, nthawi zambiri pamapita zaka 10 mpaka 20.

Mgodi wa Kibali, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Congo, ndi umodzi mwa imene inamangidwa mwachangu. Golide wa m'deralo ankadziwika kuyambira nthawi ya atsamunda a ku Belgium, ndipo kampani ya Moto Goldmines inali itabowola kale kwa zaka zingapo. Mu 2009, mtengo uli pafupi ndi madola 1,000, makampani a Randgold ndi AngloGold Ashanti anagula malowo. Anayenera kukonza misewu, kubweretsa makina kuchokera ku doko la Mombasa, kumanga malo opangira magetsi a madzi, ndi kusamutsa mabanja oposa 4,000 kupita ku mudzi watsopano wa Kokiza. Ntchito ili mkati, golide anafika pa madola 1,900 mu Seputembala 2011. Golide woyamba wa ku Kibali anatuluka mu Seputembala 2013, mtengo utagwa kale kufika cha m'ma 1,300. Eni ake sakanasiya, chifukwa ndalama zomangira zinali zitalowa kale, ndipo chotsala chinali kukumba kuti zibwerere.

Zimenezi zinachitikira migodi yambiri nthawi imodzi. Kuchokera 2011 mpaka kumapeto kwa 2015 mtengo unatsika kufika pafupifupi madola 1,050, golide wakale anatsika nawo mpaka matani pafupifupi 1,100, koma zokumba zinapitiriza kukwera chaka ndi chaka, kudutsa matani 3,000 mpaka kufika pachimake mu 2018. Migodi inali kuyankha mtengo wa zaka khumi zam'mbuyo. Ndipo kutsika kwa zokumba kwa 2001 mpaka 2008 kuja kunali kuyankha kwa zaka za m'ma 1990, pamene golide anatsika mtengo kwambiri ndipo makampani anachepetsa ndalama zofufuzira.

Ina siifika n'komwe. Kampani ya Barrick inapeza malo a Pascua-Lama, m'mapiri a m'malire a Chile ndi Argentina, mu 1994. Inalowetsapo madola oposa mabiliyoni asanu, koma ntchito inaimitsidwa mu 2013 pa nkhani za madzi ndi madzi oundana a m'mapiriwo, komanso kukwera kwa ndalama zomangira. Mu 2020 khoti la zachilengedwe la ku Chile linatsimikiza kuti mbali ya m'dzikolo itsekedwe. Mtengo wa golide unali utadutsa madola 1,900 mwezi umenewo, koma sunasinthe chigamulocho.

Mtengo ukakwera, mgodi utha kutulutsa golide wochepa

Mfundo iyi imadabwitsa ambiri, koma masamu ake ndi osavuta. Mgodi sukumba golide, umakumba miyala yokhala ndi golide pang'ono, nthawi zambiri galamu imodzi kapena awiri pa tani iliyonse ku migodi yosalowa pansi. Miyalayo imaperedwa m'chigayo chachikulu mpaka kukhala ufa, n'kuviikidwa m'mankhwala a sayanaidi omwe amasungunula golideyo kuti asiyane ndi dothi. Chigayocho chili ndi malire a matani amene chingagaye pa chaka, ndipo kuchikulitsa ndi ntchito ya zaka.

Tiyerekeze mgodi umene chigayo chake chimagaya matani miliyoni imodzi pa chaka, umawononga madola 36 pokonza tani iliyonse, ndipo umatha kuchotsa magawo 90 pa 100 a golide wa m'miyala. Golide ali pa madola 40 pa galamu, mwala wokhala ndi galamu imodzi pa tani umapereka magalamu 0.9, omwe ndi madola 36 ndendende. Amenewo ndiye malire. Mwala uliwonse wosafika galamu imodzi pa tani umaunjikidwa pambali ngati wosapindulitsa. Tinene kuti miyala yopita ku chigayo ili ndi magalamu awiri pa tani tikaiphatikiza. Mgodiwo utulutsa makilogalamu 1,800 pa chaka, a madola 72 miliyoni.

Tsopano golide wafika madola 80 pa galamu. Mwala wa theka la galamu pa tani ukupereka magalamu 0.45, omwenso ndi madola 36. Malire atsika ndi theka, ndipo mulu uja unatayidwa pambali wasanduka chuma. Woyendetsa mgodi wanzeru amayamba kusakaniza miyala yofookayo, chifukwa akangotola yonona yokha mgodi utha msanga n'kusiya golide wambiri pansi. Miyala yopita ku chigayo ikatsika kufika magalamu 1.6 pa tani, chigayo chomwe chija chitulutsa makilogalamu 1,440 okha. Golide wachepa ndi makilogalamu 360, koma ndalama zakwera kufika madola 115 miliyoni, ndipo moyo wa mgodi watalika ndi zaka zingapo. Choncho yankho loyamba la mgodi pa mtengo wokwera ndi kukhalitsa, osati kuchulukitsa.

Phindu lakenso silitsala lonse. Migodi yonse ikathamangira kukula nthawi imodzi, dizilo, mankhwala, zitsulo ndi malipiro a akatswiri zimakwera, ndipo maboma amakweza misonkho. Pakati pa zaka za m'ma 2000 ngakhale matayala a zimagalimoto za m'migodi anasowa pa dziko lonse. Ndipo pali malire amene mtengo sungawasunthe. South Africa inatulutsa matani 1,000 mu 1970, pamene aunsi inali pa madola 35 ndi pang'ono. Lero, mtengo utakwera maulendo ambirimbiri, imatulutsa pafupifupi matani 100. Migodi imene agogo athu ankapitako pa Wenela inadya golide wapafupi, ndipo wotsalayo ali kutali. Mgodi wa Mponeng watsika pafupifupi makilomita anayi pansi, kumene miyala imatentha kwambiri moti amachita kutsitsirako madzi oundana kuti anthu agwire ntchito.

Okumba ndi manja

Pali gulu limodzi la okumba limene limayankha msanga ngati mwini chibangili, ndipo gulu limeneli ndi limene ife kuno tikulidziwa bwino. Okumba ang'onoang'ono, a khasu, piki, fosholo ndi beseni, akuyerekezedwa kuti amatulutsa gawo limodzi mwa magawo asanu a golide wokumbidwa padziko. Iwo sadikira kafukufuku wa zaka khumi. Mtengo ukakwera, kapena ndalama ya dziko ikagwa, mnyamata amasiya munda kapena kabaza n'kulowera ku mtsinje. Ku Zimbabwe amawatcha makorokoza, ku Ghana ntchitoyi amaitcha galamsey. Ku Zambia anthu anakhamukira ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga mu 2019. Ku Malawi taona zomwezo ku Makanjira m'boma la Mangochi, m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwe, ndi m'madera ena a Kasungu ndi Nkhotakota. Kwathu kuno mabanja ochepa okha ndi amene ali ndi golide m'nyumba, choncho mtengo ukakwera palibe bokosi lotsegula. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, galamu ya golide inakwera mtengo m'makwacha tsiku lomwelo ngakhale msika wa ku London usanasunthe, ndipo zotere zimamveka msanga ku mtsinje.

Kufulumira kumeneku kuli ndi mtengo wake wowawa. Maenje okumbidwa mothamanga, opanda mitengo yochirikiza, amagumukira anthu makamaka m'dzinja. Mekyule amene ena amagwirira golide amawotchedwa poyera, utsi wake n'kulowa m'mapapo a wowotcha ndi a ana amene ali pafupi, wotsalayo n'kupita m'madzi ndi m'nsomba. Munda wokumbidwa subwereranso msanga.

Kuti golide wa anthu amenewa aoneke m'mabuku a boma zimadalira mtengo umene wogula wa boma akupereka. Ku Zimbabwe golide yense amayenera kugulitsidwa ku fakitale yoyenga ya Fidelity. Mu 2018 kunaperekedwa matani 33. Mu 2020, chaka chimene mtengo wa dziko lonse unafika pamwamba kuposa kale lonse, kunangoperekedwa matani 19. Mliri wa korona unasokonezadi ntchito, koma vuto lalikulu linali lakuti kwa nthawi yaitali okumba ankalipidwa gawo lina m'ndalama ya m'dzikomo yomwe inkagwa, komanso malipiro ankachedwa, choncho golide ankadutsa malire mozemba. Malipiro atakonzedwa, ziwerengero zinabwerera, ndipo mu 2024 zinadutsa matani 36, ambiri mwa iwo ochokera kwa okumba ang'onoang'ono. Banki yaikulu ya Malawi, yomwe inayamba kugula golide kwa okumba mu 2021 kudzera ku Export Development Fund, ikupikisana ndi vuto lomweli: wogula wa mseri amene wafika pa dzenje pomwepo ndi ndalama m'manja, akuwerengera dola pa mtengo wa kunja kwa banki.

Golide wozemba uja sasowa. Bungwe la Swissaid la ku Switzerland linawerengera kuti mu 2022 mokha matani oposa 430 anatuluka mu Africa mosalembedwa, ambiri kulowera ku Dubai. Ndipo apa ndi pamene magwero awiri aja amasakanikirana. Golide akasungunuka sadziwika kuti anachokera ku mtsinje kapena ku chala cha munthu. Woyenga amafunsa mafunso ambiri za golide wa ku mgodi, monga za chilolezo, za nkhondo ndi za ana ogwira ntchito, koma kwa nthawi yaitali golide wolembedwa kuti ndi wakale wakhala akudutsa ndi mafunso ochepa. Ochita zachinyengo amatenga golide wokumbidwa kumene, n'kumuumba zibangili zongoyerekeza kapena kumuyenga kamodzi m'dziko lina, kenako n'kumugulitsa ngati wosungunulidwanso. Wogula watcheru amazindikira zibangili zotere chifukwa zimakhala zolemera mopitirira, zosasalala, zopanda chidindo ndiponso zopanda zipsera za kuvalidwa, kapena chifukwa dziko limene anthu ake alibe golide wambiri m'nyumba layamba kutumiza golide wakale wochuluka mwadzidzidzi. Mtengo ukakwera phindu la chinyengochi limakwera nawo, moti mwa matani amene amalembedwa chaka chilichonse kuti achokera m'mabokosi a anthu, ena anali pansi pa mtsinje wa mu Africa miyezi yochepa yapitayo, ndipo dziko limene anakumbidwako silinalandirepo msonkho.